Mwana akalakwa samu, yambani mwamufunsa mawuwo

Madzulo ena mwana wa mlongo wanga, amene ali Sitandade 5, anandibweretsera pepala la masamu lomwe aphunzitsi anali atachonga. Pa mafunso khumi anakhoza atatu okha. Chinandidabwitsa n'chakuti mtsikana yemweyu ndiye amakhala pa benchi ya tomato ya mayi ake Loweruka, ndipo sabweza chenje cholakwika. Ndinamuuza kuti andiwerengere funso loyamba. Linali m'Chingerezi, ndipo linkamuuza kuti apeze "difarensi" ya 15 ndi 9. Iye anali atalemba kuti 15 ndi yaikulu, 9 ndi yaing'ono.

"Amalume, difarensi si kusiyana kodi?" anandifunsa. "Ndiye ndalemba mmene zikusiyanirana."

Liwulo analimasulira bwino ndithu, koma m'masamu lili ndi ntchito ina. Apa m'pamene ana ambiri amagwera, ndipo kholo likangoona zizindikiro zofiira limaganiza kuti mwana alibe mutu wa masamu.

Kwa zaka zambiri ana a ku Malawi ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ngakhale kuti m'makalasi aang'ono aphunzitsi ambiri amasakaniza ziyankhulo kuti ana amve. Mayeso a masamu a Sitandade 8, amene amakonza a MANEB, amabwera m'Chingerezi. Choncho mwana amasenza akatundu awiri nthawi imodzi: kumva chimene funso likufuna, ndi kuwerengera. Akalakwa, tiyenera kudziwa kuti katundu amene wamulemera ndi uti.

Njira yodziwira ndi yapafupi. Tengani funso limene walakwalo, mumufunse pakamwa m'chiyankhulo cha pakhomo, manambala ake omwewo. Ine ndinati, "Iwe uli ndi mango 15, mnzako ali ndi 9. Wamuposa ndi angati?" Sanachedwe n'komwe, anati 6. Masamuwo ankawadziwa, chinamutsekera njira ndi liwu. Akanalephera ngakhale m'Chichewa, ndikanadziwa kuti vuto lili pa kuchotsera kwenikweniko, ndipo kumasulira mawu sikukanamuthandiza.

Mawu ovuta kwambiri pa pepala la masamu si achilendo aja, koma amene mwana amaganiza kuti amawadziwa kale. Taonani liwu loti "samu". Kwathu kuno samu ndi funso lililonse la masamu, kaya ndi lochotsera kaya logawa. Timati "samu iyi yandivuta". Koma liwu lachingerezi limene tinabwerekalo likapezeka pa pepala limatanthauza chinthu chimodzi chokha, ndicho yankho limene umapeza ukaphatikiza manambala. Samu ya 15 ndi 9 ndi 24. Mwana amene sanauzidwe zimenezi amaona ngati funsolo silinathe, chifukwa silinamuuze chochita. "Purodakiti" nayo amaimva pa wailesi otsatsa malonda akamanena za sopo kapena mafuta odzola, pomwe m'masamu ndi yankho la kuchulukitsa. Mtsikana uja atafunsidwa purodakiti ya 6 ndi 5 anaphatikiza n'kulemba 11, chifukwa anaona kaliwu kotanthauza "ndi" pakati pa manambalawo.

N'chifukwa chake kumasulira liwu ndi liwu sikukwanira. Mukati difarensi ndi kusiyana, mwamusiya mwana pomwe anali. Chofunika n'kumasulira ntchito imene liwulo likulamula, ndipo ntchitoyo aichite ndi manja. Tinatola zitsekerero za mabotolo n'kuziyala mizere iwiri, wapamwamba 15, wapansi 9, chilichonse moyang'anizana ndi chinzake. Zitsekerero 6 za mzere wapamwamba zinatsala zopanda anzawo. "Zimenezi ndiye difarensi," ndinatero, ndipo analemba yekha 15 − 9 = 6. Pa purodakiti tinabwerera ku benchi ya mayi ake: milu 6 ya tomato, mulu uliwonse tomato 5, onse pamodzi 30. Analemba 6 × 5 = 30, n'kuona yekha kuti 11 uja sangakwane milu yonseyo.

Pali msampha wina umene ife akuluakulu timautchera tokha pofuna kuthandiza. Timauza mwana kuti akaona liwu lakutilakuti aziphatikiza, akaona linalo azichotsera. Nzeru imeneyi imagwira pa mafunso osavuta, kenaka n'kumugwetsa. Funso lina pa pepala lija linali lotere, ndikaliika m'Chichewa: mnyamata ali ndi nkhuku 14, ndipo nkhuku zakezo ndi zambiri ndi 5 kuposa za mng'ono wake, mng'onoyo ali ndi zingati? Mtsikana uja anaona liwu lachingerezi lotanthauza "zambiri", n'kuphatikiza 14 ndi 5, n'kupeza 19.

Sindinamuuze kuti walakwa. Ndinamupempha kuti atseke pepalalo andifotokozere nkhaniyo ngati akuuza mnzake pa mjigo. Atatha ndinamufunsa kuti, "Pa awiriwa, ali ndi nkhuku zambiri ndani?" Anati mkuluyo. "Nanga iwe wampatsa zingati wamng'onoyo?" Anakhala kaye chete, kenaka anati, "Aa, amalume, ndampatsa zambiri kuposa mkulu wake." Anafufuta n'kulemba 14 − 5 = 9. Choncho musamasulire liwu limodzi lokha n'kusiya chiganizo chonse. Mwana anene nkhani yonse m'mawu ake, anene amene ali ndi zambiri, anene chimene chikufunidwa, ndipo pomwepo m'pamene agwire pensulo.

Mawu ena ndi obwereka, ndipo amamveka ngati Chichewa chifukwa cha kalembedwe chabe. Mercy Kazima, katswiri wa kaphunzitsidwe ka masamu wa ku Yunivesite ya Malawi, analemba mu 2008 poyerekeza mmene maiko a Tanzania, Nigeria ndi Malawi anachitira ndi mawu a masamu. Anaonetsa kuti maiko awiri enawo anayesetsa kupanga mawu m'ziyankhulo zawo, pomwe ku Malawi kuno njira yaikulu inali kubwereka mawu achingerezi n'kuwalemba mwa Chichewa. Ubwino wa kubwereka ndi wakuti mwana akadzakumana ndi liwulo m'Chingerezi amalizindikira msanga. Kuipa kwake n'kwakuti liwu lobwereka silidzifotokoza lokha. "Kuchotsera" ndi "kugawa" mwana amazimva chifukwa amazichita pakhomo, koma "perimita" ndi "eriya" ndi phokoso chabe mpaka wina atazimangirira ku chinthu chimene mwanayo amachidziwa.

Mawu awiriwa ndi amene amasokonezedwa kawirikawiri, chifukwa onse amafunsidwa pa chithunzi chimodzimodzi. Pa pepala lija panali rekitango ya mamita 8 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, ndipo mtsikana uja analemba 40 pa funso la perimita. Ndinamutengera ku dimba. Ndinati tiyerekeze kuti dimba lathu ndi lotalika mamita 8 ndi kufupika mamita 5, ndipo mbuzi zikutidyera ndiwo. Mpanda wozungulira dimba lonse ukhala wotalika bwanji? Anayenda m'mphepete akuwerenga mbali zonse zinayi: 8 + 5 + 8 + 5 = 26. Imeneyo ndiye perimita, kutalika kwa mpanda, ndipo timaiyesa m'mamita.

Kenaka ndinamufunsa za malo olimapo a m'kati mwa mpandawo. Tinajambula pansi timabokosi ta mita imodzi uku ndi uku, mizere 5 ya timabokosi 8, tonse pamodzi 8 × 5 = 40. Imeneyo ndiye eriya, ndipo timaiyesa m'masikweya mita, chifukwa tikuwerenga timabokosi, osati chingwe. Kuti nditsimikize kuti wamvadi, ndinamupatsa dimba lina lalitali mamita 12 koma lopyapyala mita imodzi. Mpanda wake unatuluka mamita 26 omwewo, koma malo olimapo anangokhala masikweya mita 12. Anadabwa kuti mpanda wofanana ungazinge munda waung'ono chotere, ndipo kudabwako ndi kumene kunamusiyanitsira mawu awiriwa.

Ntchito siithera m'Chichewa. Mwana akamva tanthauzo, mubwezereni ku liwu lachingerezi lija, chifukwa ndi limene akalipeze m'mayeso. Kumapeto kwa kope lake agawe tsamba patatu: mbali yoyamba akopere liwulo monga lalembedwera pa pepala, yachiwiri alembe tanthauzo m'mawu akeake, yachitatu aike chitsanzo cha manambala. Pa difarensi mtsikana uja analemba kuti "yaikulu yaposa yaing'ono ndi zingati", n'kuika 15 − 9 = 6. Mawu atatu kapena anayi pa sabata ndi okwanira. Pakapita masiku awiri mupatseni funso lofanana nalo, m'Chingerezi chokha, manambala mutasintha. Akakhoza osafunsa, liwulo lakhazikika. Ngati akukhoza pokhapokha inu mutamasulira, ndiye kuti wayamba kutsamira pa inu, ndipo m'chipinda cha mayeso simudzakhalamo.

Si chilichonse chofunika kumasulira. Manambala asiyeni monga timawatchulira pamsika. Palibe amene amati makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi chimodzi pogula. Timati twente sikisi, ndipo mwana amamva bwino. Musapekenso mawu anuanu osiyana ndi a aphunzitsi. Ngati m'kalasi amati "kuphatikiza" kapena "kuwonkhetsa", mufunseni mwana limene amalimva kusukulu, n'kugwiritsa ntchito lomwelo. Njira yomweyi imagwiranso ngati pakhomo mumayankhula Chitumbuka, Chiyawo, Chilomwe kapena Chisena, chifukwa chofunika ndi chiyankhulo chimene mwana amaganiziramo.

Kholo limene silidziwa Chingerezi lili ndi gawo lake. Mwana awerenge funso, afotokoze mmene walimvera, inu n'kumufunsa mafunso a munthu wodziwa moyo: ali ndi zambiri ndani, tikufuna mpanda kapena malo olima, yankholi n'lotheka? Liwu limene lakukanikani nonse mulilembe mzere kunsi, mwana akafunse aphunzitsi m'mawa. Aphunzitsi amene ali ndi ana ochuluka m'kalasi amathandiza msanga mwana wobwera ndi liwu limodzi lodziwika kusiyana ndi wongonena kuti sanamve chilichonse.

Titabwereza pepala lija, pa mafunso asanu ndi awiri amene analakwa, asanu anawakhoza titangolongosola mawu. Awiri otsalawo anali a kugawa manambala aatali, ndipo anamukanika ngakhale m'Chichewa. Amenewo tinawalemba mzere kuti akawaonetse aphunzitsi, tikudziwa tsopano kuti pamenepo chofunika kuphunzira ndi masamu enieniwo.