Malathoni osakwana maola anayi: kilomita iliyonse ili ndi mtengo wake

Mu 2023, ku Chicago, mnyamata wa ku Kenya malemu Kelvin Kiptum anathamanga makilomita 42.195 m'maola awiri ndi masekondi 35. Ambirife timangoonera zotere pafoni n'kupukusa mutu. Koma anthu wamba, amene amathamanga mbandakucha kenako n'kupita kuntchito, ali ndi malire awoawo amene amawasowetsa tulo: kumaliza malathoni maola anayi asanakwane.

Kwa wachinyamata wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amene akulota zokayesa mpikisano wa mumzinda wa Blantyre, umene amakonza a Malawi National Council of Sports, funso n'lakuti: ndizithamanga liwiro lanji pa kilomita iliyonse? Nanga ndikaima kumwa madzi kapena miyendo ikayamba kukana, mpata ndili nawo wochuluka bwanji? Yankho lili m'masamu osavuta, koma masamuwo ali ndi misampha.

Masamu ake

Maola anayi ndi masekondi 14,400. Mukawagawa ndi makilomita 42.195, mupeza masekondi 341 ndi kachidutswa pa kilomita. Ndiye kuti mphindi 5 ndi masekondi 41, zimene wotchi kapena foni imalemba kuti 5:41 pamalo olembedwa Pace.

Tsono taonani kupanikiza kwake. Mukasunga 5:41 kuyambira poyamba mpaka kumapeto, mumaliza pa 3:59:48. Chenje chanu pa mtunda wonsewo ndi masekondi 12 basi, osakwana ngakhale kumanga chingwe cha nsapato. Mukangochedwa ndi sekondi imodzi pa kilomita, n'kumathamanga 5:42, mumaliza pa 4:00:31. Maola anayi mwawaphonya.

Lamulo loti muloweze pamtima ndi ili: sekondi imodzi pa kilomita ndi masekondi 42 pa mpikisano wonse. Motero 5:40 ikupatsani mpata wa masekondi 54. Liwiro la 5:35 likufikitsani pa 3:55:35, mpata wake mphindi 4 ndi masekondi 25. La 5:30 likufikitsani pa 3:52:04, mpata wake pafupifupi mphindi 8. Mwina mukuti, “Ndiye bwanji osangosankha 5:30?” Dikirani kaye. Mpata umenewo si waulere, miyendo imadzaulipira kutsogolo.

Zimene zimadya mpata wanu

Choyamba ndi mtunda womwewo. Mipikisano yovomerezeka amaiyeza ndi njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa tayala, ndipo woyezayo amadutsa njira yachidule kwambiri imene wothamanga angadutse, kudula makona onse. Amawonjezanso mita imodzi pa kilomita iliyonse kuopa kuti mtunda ungapereweze. Inu simungathamange mzere umenewo ndendende. Mumazemba anzanu, mumapatukira kutebulo la madzi, makona ena mumawazungulira kutali. Pamwamba pa apo GPS ya pafoni nayo imaphonyako.

Tiyerekeze kuti pofika kumapeto foni yanu yawerenga makilomita 42.6. Ngati njira yonse imakuonetsani 5:41 inu n'kumasangalala, wotchi ya okonza mpikisano ikhala ikunena 4:02:07. Kuti mupulumuke pa mtunda woterowo, foni inayenera kumaonetsa liwiro loposa pang'ono 5:38. N'chifukwa chake zikwangwani za makilomita za m'mbali mwa msewu, ngati zilipo, n'zofunika kuposa nambala ya pafoni.

Chachiwiri ndi madzi. Anthu ambiri satha kumwa akuthamanga, amayamba ayenda pang'ono. Chachitatu ndi chiyambi: pagulu la anthu mumatenga kanthawi musanawoloke mzere woyambira. Funsiranitu ngati nthawi yanu aiwerenga kuyambira pamene alengeza kuti yambani kapena pamene inuyo mwawoloka mzerewo.

Tiyeni tiike zonsezi pa bajeti ya munthu wa 5:35. M'thumba ali ndi 4:25. Akaima kumwa madzi kasanu ndi katatu, ulendo uliwonse n'kutaya masekondi 15, zapita mphindi ziwiri. Akawonjezera mamita 300 pa mtunda, yapita mphindi imodzi ndi masekondi 40. Watsala ndi masekondi 45. Apa mpamene pamaonekera kuti 5:35 si kuthamangira kutchuka ayi, ndi liwiro limene limasiya kampata kokwanira zinthu za tsikulo. Munthu wa 5:41 akanakhala ataluza kale.

Manambala oti mulembe padzanja

Pakati pa mpikisano mutu sugwira masamu. Lembanitu ndi bolopeni padzanja nthawi zimene muyenera kudutsa pa zikwangwani zingapo. Pa liwiro la 5:35, makilomita 10 mudutse pa 55:50, theka la mpikisano pa 1:57:48, makilomita 30 pa 2:47:30, ndipo makilomita 40 pa 3:43:20.

Nambala yofunika kwambiri ndi ya makilomita 30. Mukadutsa chikwangwani chimenecho pa 2:47:30, kwatsala makilomita 12.195 ndi nthawi yokwana ola limodzi, mphindi 12 ndi theka. Izi zikukulolani kutsika mpaka 5:56 pa kilomita n'kukwanitsabe. Mpata umene unali masekondi 6 pa kilomita poyamba paja tsopano wakula kufika masekondi 21, chifukwa mwausunga mpaka pamene ukufunikadi. Mukafika pamenepo pa 2:50:30, ndiye kuti mulibenso chenje: kilomita iliyonse yotsala ikufuna pafupifupi 5:41, pa miyendo yotopa kale.

Msampha wosungiratu nthawi

Pali nzeru ina imene imamveka bwino pocheza: thamangitsa theka loyamba udakali ndi mphamvu, usungiretu mphindi zodzagwiritsa ntchito kumapeto. Tiyeni tiiwerengere.

Wothamanga wathu wanyamuka ndi gulu lothamanga kwambiri pa 5:10. Theka la mpikisano wadutsa pa 1:49:00, patsogolo pa ndondomeko ya maola anayi ndi mphindi 11. Mtima uli m'malo. Kuchoka apo mpaka pa makilomita 30 watsikira pa 5:40, wafika pa 2:39:27. Zikuonekabe bwino. Kenako miyendo yauma, akusakaniza kuthamanga ndi kuyenda, ndipo makilomita otsalawo akumutengera mphindi 7 iliyonse. Amaliza pa 4:04:49.

Chachitika n'chiyani? Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, koma nkhokwe yake ndi yaing'ono. Mukathamanga mopitirira msinkhu wanu, thupi limawotcha shuga wochuluka ndi mafuta ochepa, nkhokwe ija n'kutha msanga, nthawi zambiri cha m'ma kilomita 30. Ikatha, liwiro silitsika ndi masekondi 10 ayi, limagwa ndi mphindi yathunthu kapena kuposa. Kilomita imodzi yoyenda pansi kwa mphindi 11 imadya 5:25 poyerekeza ndi liwiro la 5:35, kuposa mpata wonse wa 4:25 uja. Akulu anati kuthamanga si kufika. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati m'makilomita 10 oyambirira simungathe kuyankhula chiganizo chachifupi osabanika, mwayamba mothamanga kwambiri. Ndipo nthochi kapena chakumwa cha shuga muziyamba kulandira ola loyamba lisanathe, osadikira njala.

Kukonzekera kuchigwa, kupikisana kumtunda

Chigwa cha Shire chili ndi mwayi wake. Msewu wa M1 kuchoka pa Dyeratu kudutsa Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi wa see malo ambiri, wabwino pophunzira kusunga liwiro limodzi. Sankhani chigawo chowongoka, chiyezeni kangapo ndi foni, muike zizindikiro pa mitengo kapena milatho, ndipo muzithamanga moyang'anizana ndi magalimoto. Cholinga n'chakuti miyendo izolowere 5:35 mpaka muziimva osayang'ana wotchi.

Koma chigwachi chimanamiza wotchi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatha kupitirira madigiri 40. Kukatentha, thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lizizire, thukuta limachepetsa madzi m'magazi, ndipo mtima umagunda kwambiri pa liwiro lomwelo. Kilomita ya 6:00 pa Ngabu dzuwa litatuluka ingathe kukhala ntchito yolemera kuposa ya 5:35 m'mawa wozizira wa mu Juni. Choncho musadziweruze ndi nthawi za m'chilimwe. Maulendo oyesa liwiro muziwachita mbandakucha, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Mukamva chizungulire, mutu kuwawa, nseru, kapena tsembwe pamene kukutentha, imani, pitani pamthunzi, dzithireni madzi. Mnzanu akayamba kusokonezeka mutu kapena kudzandira, muziziritseni ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Yachiwiri ndi zitunda. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nsanje safika ndi mamita 100 omwe. Kuzizira kwa kumtunda kukuthandizani, koma misewu ya mumzindawu ndi yokwera ndi yotsika. Masekondi amene chitunda chimalanda, mtsetse subweza onse. Kumeneko musakakamire 5:35 pa kilomita iliyonse. Lolani chitunda chikutengereni 6:00, mtsetse ukubwezereniko, ndipo muziweruza pa makilomita asanu alionse, amene ayenera kukhala pafupi ndi 27:55. A ku Chikwawa muli ndi sukulu pakhomo: chikweza cha pa Thabwa, mukawoloka mlatho wa Kamuzu kulowera ku Blantyre. Kukwera ndi kutsika pang'ono m'munsi mwake kamodzi pa sabata kumalimbitsa ntchafu, bola kusamala magalimoto pamakona.

Kodi liwiroli ndi lanu?

Musanalembe manambala padzanja, yesani ngati thupi lafikapo. Mu 1977 katswiri wina wa ku America, Pete Riegel, anatulutsa kawerengedwe kolosera nthawi ya mtunda wautali kuchokera pa waufupi:

T2 = T1 × (D2 / D1)^1.06

T ndi nthawi, D ndi mtunda. Kawerengedweka kamasonyeza kuti maola anayi amafanana ndi pafupifupi 1:55 pa theka la malathoni, kapena mphindi 52 pa makilomita 10. Chenjezo lake n'lakuti kamakomera anthu amene sathamanga makilomita ochuluka pa sabata: kamawalonjeza nthawi yabwino kuposa imene adzapeze. Ngati theka mumamaliza pa 1:55 mutatheratu, maola anayi ali pamalire penipeni. Ngati mumamaliza cha pa 1:50 ndipo mwathamangapo kangapo maulendo a makilomita 28 mpaka 32, mpata ulipo.

Mayeso omaliza achiteni kutatsala milungu itatu kapena inayi. Nyamukani kusanache, thamangani makilomita 14 pang'onopang'ono, kenako 14 ena pa 5:35, mukumwa ndi kudya monga mudzachitire pa tsikulo. Ngati makilomita atatu omaliza akhalabe pa 5:35 popanda kulimbana ndi mpweya, lembani manambala aja. Ngati atsetserekera ku 5:50, sankhani 4:10 chaka chino, umene ndi 5:55 pa kilomita, ndipo maola anayi muwabwerere ulendo wotsatira.