Mphindi Zanu Zathera Kuti?

Makampani amene amasandutsa mawu ojambulidwa kukhala zolemba amagulitsa ntchito yawo pa mphindi. Munthu amalipira pulani ya mwezi, tinene ya mphindi 300, n'kumaganiza kuti ali ndi maola asanu a nkhani. Kawirikawiri mphindizo zimatha asanafike pamenepo, ndipo chifukwa chake chagona pa kawerengedwe kake.

Kampani imayeza kutalika kwa fayilo, osati kuchuluka kwa mawu amene alimo. Ngati munayatsa chojambulira anthu akadakoka mipando, kenako n'kuiwala kuzimitsa pa nthawi yopuma, phokoso ndi bata lonselo mulilipira ngati kuti ndi zokambirana.

Pamene pamathera mphindi zambiri ndi pa masekondi otsalira. Makampani ena sawerenga theka la mphindi. Fayilo ikapitirira ngakhale pang'ono, amaikankhira pa mphindi yotsatira, ndipo amatero pa fayilo iliyonse payokha, osati pa zonse pamodzi. Tiyerekeze wofufuza amene walandira mauthenga a mawu 40 pa WhatsApp, uliwonse wotalika mphindi imodzi ndi masekondi 10. Onse pamodzi ndi mphindi 46 ndi masekondi 40. Akawatumiza umodziumodzi, uthenga uliwonse uwerengedwa ngati mphindi ziwiri, ndipo pulani yake ichepa ndi mphindi 80. Akayamba wawalumikiza kukhala fayilo imodzi pa pulogalamu yaulere ngati Audacity, alipira mphindi 47 basi. Mawu ndi omwewo, koma kusiyana kwake ndi mphindi 33.

Ngakhale amene amawerenga pa sekondi ali ndi kamsampha kawo. Amazon Transcribe imalipiritsa pa sekondi, koma fayilo iliyonse imayambira pa masekondi 15. Timafayilo 100 ta masekondi anayi ndi mphindi 6 ndi masekondi 40, koma pa bilu tioneka ngati mphindi 25. Kwa munthu wa fayilo imodzi yaitali lamuloli silimukhudza n'komwe. Limaluma amene ali ndi tizidutswa tambirimbiri.

Ndiye tizingolumikiza zonse? Ayi, chifukwa kumtunda kulinso malire. Pulani yaulere ya Otter.ai yakhala ikupereka mphindi 300 pa mwezi, koma zokambirana zilizonse zimalembedwa mpaka mphindi 30 zokha. Mutha kukhala ndi mphindi zambiri zotsala koma msonkhano wa ola limodzi osakwanamo. Chizindikiro chake n'chosavuta: zolemba zimathera pakati pa chiganizo, ndipo nthawi ya pa mzere womaliza imafanana ndendende ndi malire a pulaniyo. Makampani ena amangoikana fayiloyo poyambirira pomwe, zomwe ine ndimaona kuti n'zabwinoko, chifukwa sumachita kuzindikira mochedwa kuti theka la msonkhano palibe.

Fayilo yaitali imafunika kuduladula. Ya mphindi 95 ndi masekondi 20, malire ali mphindi 30, ituluka zidutswa zinayi. Mukadula pamene wolankhula wapumira, zitha kukhala 29:40, 29:15, 28:10 ndi 8:15. Kumene amakankhira ku mphindi yathunthu, izi ndi mphindi 98 m'malo mwa 96. Mphindi ziwiri si nkhani. Vuto lenileni ndi loti chidutswa chilichonse makina amachitenga ngati nkhani yatsopano. Nthawi imayambiranso pa ziro, ndipo amene anali wolankhula woyamba m'chidutswa choyamba atha kupezeka wachitatu m'chachiwiri. Mtolankhani wopupuluma angathe kuika mawu a wapampando m'kamwa mwa msungichuma. N'chifukwa chake ndi bwino kudula pamene mutu wina watha, kusiya masekondi angapo kuti musagunde malire enieniwo, ndi kulemba pambali mphindi imene chidutswa chilichonse chayambira.

Malire ena sali pa nthawi koma pa kukula kwa fayilo. Njira ya OpenAI yotumizira mawu ku Whisper imalandira mpaka 25 MB. Fayilo ya WAV yojambulidwa pa mlingo wa CD imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, choncho imakanidwa isanakwane n'komwe mphindi zitatu. Mawu omwewo mukawasintha kukhala MP3 ya 64 kbps, mumalowa mphindi pafupifupi 50. Kuchepetsa fayilo motere kumangoithandiza kulowa. Bilu siitsika, popeza mphindi zake ndi zomwezo.

Mitengo ndi malire zimasinthasintha, ndiye musanalipire yesani nokha. Onani mphindi zotsala, tumizani fayilo ya masekondi 70, ndipo onaninso. Zikachepa ndi ziwiri, mwadziwa kuti kampaniyo imakankhira m'mwamba, ndipo timafayilo tanu tifunika kulumikiza musanatumize.