Kusandutsa Mndandanda wa Ntchito Kukhala Mawu Otsanzikana

Tiyerekeze kuti aphunzitsi aakulu a sukulu ina yapulayimale akupuma pantchito, ndipo mlembi wa komiti yokonza phwando wapatsidwa kapepala ka mizere isanu: anayamba ntchito mu 1994, anamangitsa midadada iwiri, anayambitsa phala la ana, anali wapampando wa zamasewera m'zoni, ana ambiri a Sitandade 8 anasankhidwa kupita kusekondale. Zonsezi zikhale ndime imodzi ya pakhadi.

Ambiri amangolumikiza mizereyo ndi "ndipo" kapena "komanso". Chotuluka chimamveka ngati kalata yofunsira ntchito. Choopsa kuposa apo n'kulemba "anayamba, anamangitsa, anali", chifukwa khutu la Mmalawi limamva msanga kalembedwe ka mbiri yowerengedwa pamaliro. Munthuyo ali moyo ndipo khadilo aliwerenga yekha, choncho mlembi azilankhula nawo mwachindunji ndi mwaulemu: munayamba, munamangitsa.

Mlembi waluso amasankha mfundo zinayi zokha, popeza pakhadi payenera kutsala malo oti anzawo asayinepo. Za upampando wa zamasewera zikhoza kudikira zolankhula za paphwando.

Ntchito yaikulu ndi yofunsa mfundo iliyonse kuti: zisanachitike zinali bwanji, ndipo anapindula ndani? Chaka cha 1994 pachokha n'chouma, koma ndi chaka chimene boma la Malawi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ana n'kusefukira m'sukulu mpaka ambiri kumaphunzirira pansi pa mitengo. Apa chakacho chagwirana ndi midadada ija. Phala nalo limagwirana ndi zotsatira za mayeso, pakuti mwana wa njala sakhalitsa m'kalasi. Mfundo zikamaberekana chonchi, mawu olumikizira amabwera okha: mutafika, mutaona, n'chifukwa chake.

Ndimeyo ikhoza kutuluka motere: "Aphunzitsi athu aakulu, munayamba ntchito mu 1994, pamene ana ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Simunagone mpaka midadada iwiri inaima. Mutaona kuti ena akuthawa m'kalasi ndi njala, munamema makolo n'kuyambitsa phala. Lero tikamawerenga mayina a ana osankhidwa kupita kusekondale, timaona dzanja lanu. Mukapume bwino, ndipo musaiwale njira ya kuno."

Mtengo wa mango uja sunali pamndandanda. Mlembi amaupeza pofunsa amene anagwira nawo ntchito nthawi yaitali, ndipo asaupeke ngati sunalipo. Zaka ndi manambala azitsimikize kuofesi. Mwini wake amadziwa bwino ngati midadada inali iwiri kapena itatu. Asawapatsenso ulemu wonse pa ntchito imene makolo anaumbira njerwa, n'chifukwa chake "munamema makolo" ikuposa "munachita nokha".

Asanalembe ndi cholembera pakhadi lenilenilo, awerenge ndimeyo mokweza kwa mnzake. Pamene mpweya wamuthera, chiganizo chatalika. Pamene "ndipo" wabwera kachiwiri motsatizana, mndandanda uja wabwereranso.