Zigoli 13 pa masewero 14: Papiss Cissé ndi chinyengo cha masewero ochepa

Pa 2 Meyi 2012, pa bwalo la Stamford Bridge, masewero atatsala pang'ono kutha, Papiss Cissé anali kumanzere chapafupi ndi mzere pomwe mpira udamupeza. Adaumenya ndi kunja kwa phazi lamanja, mpirawo udakhota m'malere ngati ukupita kwina, kenako udagwera mu ukonde kumbuyo kwa goloboyi Petr Čech. Newcastle United idagonjetsa Chelsea 2-0, ndipo zigoli zonse ziwiri zinali zake.

Mnyamata wa ku Senegal ameneyu adafika ku Newcastle mu Januwale chaka chomwecho kuchokera ku Freiburg ya ku Germany. Pofika kumapeto kwa ligi anali atamwetsa zigoli 13 pa masewero 14 okha, ndipo timu yake idathera pa nambala 5. Ochemerera adawerengetsa mwachangu: ngati pa masewero 14 wachita zotere, nanga pa 38 adzatani?

Sizoni yotsatira adasewera masewero 36 a mu ligi ndipo adamwetsa zigoli 8. Ina yotsatira, zigoli 2 pa masewero 24. Kenako mu 2014/15 adadzukanso ndi zigoli 11 pa masewero 22. Pochoka ku Newcastle mu 2016 anali ndi zigoli 37 za mu ligi pa masewero 117, kutanthauza chigoli chimodzi pa masewero atatu aliwonse. Miyendo inali yomweyo, koma manambala ankakwera ndi kutsika ngati a anthu osiyana.

Gwero la zonsezi ndi loti chigoli n'chinthu chosowa. Tiyerekeze wosewera kutsogolo amene amamenya mipira itatu kugolo pa masewero aliwonse, ndipo pa mipira 15 iliyonse, iwiri ndiyo imalowa. Ameneyu si wamba: pa sizoni ya masewero 38 amamwetsa zigoli pafupifupi 15. Pa masewero asanu amamenya mipira 15, ndipo timayembekeza zigoli ziwiri. Koma kuti zigolizo zikhale zisanu, pangofunika kuti mipira itatu yokha isinthe njira pang'ono: umodzi womwe ukadawomba chitsulo ulowe, wina goloboyi aupulumutse m'manja, wachitatu ugunde mwendo wa wotchinga kumbuyo n'kumusokoneza goloboyiyo. Wosewerayo sanasinthe kanthu, koma Lolemba m'mawa aliyense akunena kuti wayaka moto.

Masamu a mwayi amatiuza kuchuluka kwa nthawi zomwe izi zimachitika. Ngati mpira uliwonse uli ndi mwayi wofanana wolowa, wosewera wathuyu adzamwetsa zigoli zisanu kapena kuposa pa masewero asanu pafupifupi kamodzi pa maulendo 25. Zikumveka zosowa. Komatu sizoni imodzi ili ndi zigawo zisanu ndi ziwiri za masewero asanuasanu, choncho mwayi woti zimuchitikire kamodzi pa sizoni umafika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukakhala ndi osewera 20 oterewa, yembekezani kuti asanu mwa iwo adzakhala ndi nyengo yotentha chonchi ligi isanathe, popanda aliyense kuwonjezera luso. Ndipo makamera amathamangira asanuwo. Za anzawo 15 aja palibe amazilemba.

Mbali inayo ndi yowawa. Wosewera yemweyo amatha masewero asanu osamwetsa n'chimodzi chomwe pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi anayi. Zikatero masapota amati watha, ena amati wayamba matama, ena amafika ponena kuti amulodza.

Mayi wogula nyemba pamsika amaidziwa bwino nkhaniyi. Akatola nyemba zisanu m'thumba n'kupeza zonse zabwino, sakhutira. Amapisa dzanja mpaka pansi, n'kutapa zodzaza manja, chifukwa zisanuzo zikhoza kungokhala zamwayi. Masewero asanu ndi nyemba zisanu. Tikamupatsa wosewera wathu uja mipira 100, yomwe ndi pafupifupi sizoni yathunthu, timayembekeza zigoli 13, ndipo nthawi zambiri zidzagwera pakati pa 7 ndi 20. Kulowetsa mpira umodzi pa itatu iliyonse, zomwe zinali zotheka pa mipira 15, apa kungafune zigoli 33, ndipo mwayi wokha sungamufikitse pamenepo. Koma onani kukula kwa mpata wa 7 ndi 20: ngakhale sizoni yathunthu simaliza kuchotsa mphumi m'manambala a womwetsa zigoli.

Mipikisano ya makapu ndiye imanyenga zedi, poti masewero ake ndi owerengeka. Oleg Salenko wa ku Russia adamwetsa zigoli 6 pa World Cup ya 1994, zisanu mwa izo pa masewero amodzi ndi Cameroon, ndipo adagawana mphoto ya womwetsa zigoli zambiri ndi Hristo Stoichkov. Sadamwetsereponso Russia chigoli china.

Nanga munthu angasiyanitse bwanji luso ndi mphumi? Poyamba, awerenge mipira yomwe wosewerayo akumenya komanso malo omwe akumenyera, osangoti zigoli. Kupeza mpata pafupi ndi golo masewero aliwonse ndi luso lomwe limabwereza, pamene kulowetsa mpira kuchokera kumzere wa m'mbali sikubwereza. Apa ndi pomwe pamathandiza nambala yotchedwa xG yomwe imaonetsedwa pa kanema masiku ano. Mpira uliwonse womenyedwa umapatsidwa mlingo potengera kuchuluka kwa mipira yofanana nawo yomwe idalowa m'mbuyomu. Penate imakhala cha pa 0.76 mpaka 0.79, pamene wa kutali, kunja kwa bokosi, kawirikawiri sufika n'komwe 0.05. Wosewera akakhala ndi zigoli zisanu koma xG yake ili 2, zigoli zitatuzo n'zokayikitsa kuti zibwereza. Nayonso xG ili ndi malire ake, chifukwa siidziwa yemwe akumenya, ndipo alipo akatswiri ochepa omwe amaipitirira chaka ndi chaka. Koma kuti tidziwe kuti munthu ali m'gulu limenelo pamafunika mipira mazanamazana.

Chachiwiri n'kuyang'ana mbiri yake yonse. Erling Haaland atayamba kugwedeza maukonde ku Manchester City mu 2022, panalibe chifukwa chenicheni chokayikira, poti ku Borussia Dortmund anali atamwetsa kale zigoli 62 pa masewero 67 a mu ligi. Adamaliza sizoni ndi zigoli 36 pa masewero 35. Kwa iye chiyambi chotentha chinali kungopitiriza zomwe ankachita kale.

Ndipo kunena chilungamo, Cissé sanali munthu wongodalira mphumi. Mu 2010/11 adamwetsa zigoli 22 mu ligi ya ku Germany, ndipo wopanda luso sangayese n'komwe zomwe adachita kwa Čech. Zinthu zina zidasinthadi: mnzake Demba Ba adapita ku Chelsea mu Januwale 2013, ndipo Newcastle yonse idafooka n'kuthera pa nambala 16. Cholakwika chinali cha owerengetsa aja. Adatenga masewero 14 abwino kwambiri pa moyo wake n'kuwayesa mlingo wake wa tsiku ndi tsiku, kenako adatenga masewero 24 a zigoli ziwiri n'kunena kuti munthu watha. Pa masewero 103 otsatira nyengo yoyamba ija adamwetsa zigoli 24 za mu ligi.