Zilumba za Japan zinachoka bwanji pa 6,852 kufika pa 14,125?

Kwa zaka zoposa 35, mabuku a ku Japan ankanena kuti dzikolo lili ndi zilumba 6,852. Ndiye mu 2023 nthambi ya boma yojambula mapu inalengeza nambala yatsopano: 14,125. Zilumba zoposa 7,000 zongotulukira! Komatu palibe dziko limene Japan inalanda, ndipo kukula kwa malo ake sikunasinthe. Chinasintha ndi mapu amene owerengawo anagwiritsa ntchito.

Musanawerenge zilumba muyenera kugwirizana kaye kuti chilumba n'chiyani. Pangano la mayiko lokhudza nyanja zamchere, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1982, limati chilumba ndi malo opangika mwachilengedwe, ozunguliridwa ndi madzi, amene samira ngakhale madzi atakwera. Mfundo yomalizayi ingakudabwitseni ngati munazolowera nyanja ya Malawi. Madzi a m'nyanja zamchere amakwera ndi kutsika, m'malo ambiri kawiri pa tsiku, makamaka chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi. Choncho mulu wa mchenga ukhoza kuoneka m'mawa, masana n'kumira. Umenewo si chilumba ayi.

Vuto ndi loti panganoli silinena kuti chilumba chiyambire pa kukula kotani. Dziko lililonse limadziikira lokha malire. A Japan anati aziwerenga zokhazo zimene mukayenda m'mphepete mwake kuzungulira mpaka kubwerera pomwe munayambira, mtunda wake ndi mamita 100 kapena kuposa. Zilumba zomangidwa ndi anthu komanso za m'mitsinje ndi m'nyanja zapamtunda anazisiya.

Mamita 100 amenewa tiwayese. Bwalo la netibolo ndi mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndiye kulizungulira ndi mamita 91.5. Thanthwe lofanana ndi bwalo lonse la netibolo silingalowe m'kaundula wa Japan, lapereweza pang'ono. Nanga chilumba chobulungira chokwana ndendende mamita 100 kuzungulira? Gawani 100 ndi 3.14, mupeza kuti kuchoka mbali ina kufika mbali ina ndi mamita pafupifupi 32.

Apa ndi pamene nkhani ya mapu ikubwera. Pa mapu a sikelo ya 1:25,000, milimita imodzi imaimira mamita 25. Kachilumba kathu ka mamita 32 kaja kangakhale kadontho kopitirira pang'ono milimita imodzi. Tsopano taganizani zilumba ziwiri zotere zitayandikana, pakati pake pali kampata ka madzi ka mamita 10. Papepala kampatako ndi mamilimita 0.4, kuchepa kuposa mzere wa pensulo yobuntha. Wojambula amangoziphatikiza, wowerenga n'kulemba kuti chimodzi. Nambala yakale ija, ya mu 1987, inachokera pa mapu a pepala, anthu akuwerenga ndi maso. Ya mu 2023 inachokera pa mapu a pakompyuta, ojambulidwa mothandizidwa ndi zithunzi za m'ndege, pamene gombe lililonse limaoneka bwino ndipo kompyuta imayeza yokha. Lamulo la mamita 100 linali lomwe lija. Zilumbazo zinalipo kale, kungoti sizinkaoneka pazokha.

Ndiye mukamva kuti dziko lakutilakuti lili ndi zilumba zambiri kuposa linzake, muzifunsa kaye kuti anayambira pa kukula kotani, komanso anagwiritsa ntchito mapu otani. Popanda zimenezo, nambala ziwirizo sizingayerekezedwe.

Ngakhale 14,125 yomweyo si ya muyaya. Mu 2013 phiri la pansi pa nyanja linaphulika pafupi ndi chilumba cha Nishinoshima, ndipo panabadwa kachilumba katsopano. Chiphalaphala chitapitiriza kutuluka, katsopanoko kanakula mpaka kulumikizana ndi chakale chija. Malo anawonjezeka, koma chiwerengero chinabwerera pomwe chinali.

Kuwerenga n'kwina, kulamulira n'kwina. Mwa zilumba zonsezi, zokhala anthu zimangopitirira pang'ono 400, komabe ngakhale zopanda anthu zimaikidwa pansi pa makhonsolo. Japan ili ndi zigawo 47, ndipo chimodzi mwa izo ndi Tokyo. Mukamva dzinali mumaganiza za nyumba zosanjikizana ndi chikhamu cha anthu, eti? Komatu chigawo cha Tokyo chimapitirira kummwera m'nyanja ya Pacific, kudutsa zilumba za Izu mpaka za Ogasawara, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000.

Ku Ogasawara kulibe bwalo la ndege zonyamula anthu wamba. Ulendo wochokera ku doko la Tokyo kukafika pa chilumba cha Chichijima ndi wa pasitima yapamadzi, maola pafupifupi 24, ndipo sitimayo nthawi zambiri imapita pafupifupi kamodzi pa sabata. Anthu akumeneko, cha m'ma 2,500, ali ndi khonsolo yawoyawo ya mudzi, koma amavoteranso bwanamkubwa wa Tokyo ngati wina aliyense wa mumzinda. Poti sizingatheke kuti munthu azikwera sitima tsiku lathunthu pofuna chikalata chimodzi, boma la Tokyo linaika maofesi ake a nthambi pa zilumbazi: ku Oshima, Miyake, Hachijo ndi Ogasawara. Dongosolo lake ndi lomveka: malire a chigawo amatsata njira ya sitima. Chilumba chimalumikizidwa ndi kumene chakudya, makalata ndi madokotala amachokera, osati kwenikweni ndi mtunda umene uli pafupi kwambiri. (Zofananako tili nazo kwathu kuno: Likoma ndi Chizumulu ndi boma la Malawi, ngakhale zili m'madzi a Mozambique ndipo gombe loyandikira ndi la Mozambique.)

Malire a mudzi wa Ogasawara amakafika kutali koposa apo, ku Okinotorishima, makilomita pafupifupi 1,700 kummwera kwa mzinda wa Tokyo. Kumeneko kulibe wokhalako. Madzi akakwera pamangotsala timiyala tiwiri, tochepa kwambiri moti pa lamulo la mamita 100 lija sitingayandikire n'komwe. Koma kuyambira mu 1987 boma la Japan linawononga ndalama zambiri kutizinga ndi konkire kuti mafunde asatigumule.

Chifukwa chake chili m'pangano la mu 1982 lija. Chilumba chimapatsa dziko ufulu pa nsomba ndi chuma cha pansi pa nyanja mpaka mtunda wa mamailosi a panyanja 200, omwe ndi makilomita pafupifupi 370, mbali zonse. Tawerengani kukula kwa bwalo limeneli: 3.14 × 370 × 370 ikupereka masikweya kilomita pafupifupi 430,000. Mtunda wonse wa Japan ndi cha m'ma 378,000 basi. Timiyala tiwiri tikunyamula nyanja yoposa dziko lenilenilo.

Kungoti pangano lomwelo lili ndi ndime ina: matanthwe amene sangathe kusunga anthu kapena ntchito zachuma paokha sapatsidwa mamailosi 200 aja, amangopeza 12 okha. China ndi South Korea amati Okinotorishima ndi matanthwe otere. Japan imati ndi chilumba, poti n'chachilengedwe ndipo sichimira madzi akakwera. Kunena zoona, n'zovuta kuona mmene munthu angakhalire pa mwala wopanda madzi akumwa ngakhale dothi. Koma mpaka pano mbali ziwirizi sizinagwirizane, ndipo ogwira ntchito za boma la Japan amapitabe kukayendera ndi kukonza konkire ija.