Mabatani atatu a VPN amene amazunguza mutu: Protocol, Kill switch ndi Split tunneling

Mwaika pulogalamu ya VPN pafoni, mwadina batani lalikulu lija, kachizindikiro ka kiyi kaoneka pamwamba pa sikirini. Mpaka apa zonse zili bwino. Vuto limayamba mukalowa mu Settings, pamene mumakumana ndi mawu atatu amene m'buku la Chingerezi la Fomu 3 mulibe: Protocol, Kill switch ndi Split tunneling. Ngati foniyo ndi yakaunjika, kapena inabwera ndi achimwene kuchokera ku Tete, mawuwo angakhale mu Chipwitikizi kumene. Ambiri amangodinadina mwachisawawa, kenako amadabwa kuti mayunitsi atha kapena intaneti yazima.

Mabatani atatuwa amayankha mafunso atatu osavuta. Kodi uthenga wanga upakiridwe bwanji? Nanga njira yobisika ikaduka pachitike chiyani? Ndipo ndi mapulogalamu ati amene adutse m'njirayo?

Choyamba, VPN imachita chiyani?

Chilichonse chimene foni imatumiza pa intaneti chimadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse ili ngati kalata yokhala ndi adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira. Popanda VPN, kampani ya netiweki monga Airtel kapena TNM, kapenanso mwini wayifayi imene mwalumikizako, amatha kuona kumene makalatawo akupita. Masamba ambiri masiku ano amabisa kale zam'kati mwa kalata, ndipo ndiye tanthauzo la `https` kumayambiriro kwa adiresi. Koma kumene kalata ikupita kumaonekabe.

VPN imatenga kalata yonse, n'kuitsekera mu envulopu ina yokiyidwa, n'kulembapo adiresi imodzi yokha, ya seva ya kampani ya VPN. Sevayo ndi imene imatsegula envulopu ndi kupititsa kalata kumene imayenera kupita. Njira yotsekeka imeneyi ndi imene pa sikirini amailemba kuti tunnel. Ife tiziitcha paipi, ngati ija yothirira kudimba: woima pambali amaona kuti madzi akudutsa, koma sangawakhudze.

Dziwani kuti VPN sichotsa wokuonani, imangomusintha. Zimene netiweki ikanaona, tsopano ikuziona ndi kampani ya VPN. N'chifukwa chake pulogalamu yaulere yosadziwika mwini wake, imene mnzanu wakutumizirani pa Bluetooth, ingakhale yoopsa kuposa kukhala opanda VPN.

Protocol: kapakiridwe ka katundu

Protocol ndi malamulo amene foni yanu ndi seva zimagwirizana pa kakiyidwe ndi katumizidwe ka maenvulopu aja. Ubwino wake ndi wakuti mayina a malamulowa samasuliridwa. Kaya pulogalamu ili mu Chingerezi kaya mu Chipwitikizi, mudzaonabe WireGuard, OpenVPN kapena IKEv2, ndipo mukaona mayina amenewa dziwani kuti mwafika pamalo pake.

WireGuard ndi yatsopano pa zitatuzi. Anaipanga ndi Jason Donenfeld, ndipo inalowa mu Linux m'chaka cha 2020. Ndi yopepuka, imalumikiza msanga, ndipo sivutitsa foni yotsika mtengo. OpenVPN ndi yakale, anaiyambitsa James Yonan mu 2001. Ndi yolemererapo, koma ili ndi luso limodzi limene tilione posachedwapa. IKEv2 imadziwika ndi kusaduka msanga foni ikachoka pa wayifayi kupita pa deta. Mukaona PPTP, ilambalaleni: loko wake anathyoledwa kalekale.

Pafupi ndi OpenVPN mudzaona UDP ndi TCP. UDP ili ngati kuponyera mnzanu mango motsatizana osafunsa ngati wawakha. TCP ndi kumupatsira m'manja, ndipo ngati limodzi lagwa, onse amaima kaye mpaka litatoledwa. Pamene netiweki ili yofooka, monga m'midzi yotalikirana ndi nsanja, mango ogwa amachuluka, ndiye TCP imachedwa kwambiri. Komabe TCP ili ndi ntchito yake. Mawayifayi ena a m'maofesi ndi m'masukulu amatseka UDP. WireGuard imayenda pa UDP basi, ndiye pamenepo imangoti Connecting osatha. OpenVPN TCP imatha kudutsira pa khomo nambala 443, lomwe masamba onse a `https` amadutsira, ndipo khomo limeneli kawirikawiri silitsekedwa.

Lamulo lake ndi ili: siyani pa Automatic kapena Smart ngati ilipo, apo ayi sankhani WireGuard. Pitani ku OpenVPN TCP pokhapokha zinazo zikakana kulumikiza.

Envulopu yachiwiri ija ili ndi mtengo wake. WireGuard imawonjezera mabayiti 60 pa paketi iliyonse yodutsa pa maadiresi wamba a IPv4. Pa paketi yodzaza ya mabayiti pafupifupi 1,400, werengerani nokha: 60 kugawa ndi 1,400 ndi 4 pa 100 iliyonse, choncho buku la 100 MB lidya pafupifupi 104 MB. Koma poimba foni pa WhatsApp mapaketi amakhala aang'ono. Titati paketi ndi ya mabayiti 200, kuwonjezera 60 ndiye kuti 30 pa 100. VPN sipereka deta yaulere, imadyako.

Kill switch: fyuzi ya intaneti

Paipi imaduka. Mukakwera minibasi pa Nathenje kulowera m'tauni pa msewu wa M1, foni imasiya nsanja ina n'kugwira ina, ndipo penapake netiweki imazimiririka. Nthawi zinanso foni yokha imatseka pulogalamu ya VPN pofuna kusunga batire. Zikatero foni sikufunsani. Imangoyamba kutumiza makalata panjira wamba, inu muli phee kuganiza kuti mwabisika.

Kill switch imagwira ntchito ngati fyuzi ija tinaphunzira pa mutu wa magetsi. Fyuzi imalolera kuti nyumba ikhale mumdima kusiyana ndi kuti zipangizo zipse. Nayonso Kill switch imadula intaneti yonse paipi ikaduka, mpaka italumikizanso.

Pa Android batani limeneli nthawi zambiri silikhala m'pulogalamu, limakhala m'foni momwe. Njira yake imakhala yotere, ngakhale mawu amasiyanako pa itel, Tecno ndi Samsung:

```
Settings > Network & internet > VPN
Always-on VPN
Block connections without VPN
```

Dinani kachizindikiro ka giya pambali pa dzina la VPN yanu kuti muone mabatani awiriwo. Loyamba limauza foni kuti iziyatsa VPN nthawi zonse. Lachiwiri ndiye fyuzi yeniyeni.

Muyese musanaikhulupirire. VPN ili chiyakire, lembani `what is my ip` pa Google, ndipo mulembe pa pepala nambala imene yatuluka. Kenako zimitsani VPN m'pulogalamu, n'kuyesanso kufufuza komweko. Ngati tsamba lakana kutseguka, fyuzi ikugwira. Ngati latseguka ndi nambala yomwe ija, VPN yangodziyatsanso yokha. Ngati latseguka ndi nambala yachilendo, palibe chakutetezani. Kumbukirani kuti Kill switch ya m'kati mwa mapulogalamu ena imagwira pokhapokha paipi ikaduka mwangozi, osati mukazimitsa nokha.

Fyuziyi ilinso ndi zovuta zake. Mukachotsa akaunti kapena nthawi yolipira VPN ikatha, foni imakhala ndi timizere tonse ta netiweki, bandulo ilimo, koma palibe chotseguka. Musathamangire kwa okonza mafoni pamsika wa Mitundu. Yambani mwazimitsa Block connections without VPN. Chimodzimodzinso pa wayifayi imene imafuna kuti mulembe kaye nambala ya vocha pa tsamba lake: tsambalo silituluka fyuzi ili chiyakire.

Split tunneling: njira ziwiri zoyendera limodzi

Pa magetsi, mababu olumikizidwa mondondozana amadalira waya mmodzi, pamene olumikizidwa m'nthambi aliyense ali ndi njira yake. Split tunneling imatsegula nthambi yachiwiri, kuti mapulogalamu ena adutse m'paipi, ena ayende panjira wamba. Mapulogalamu ena a VPN amaipatsa dzina lina monga Bypasser, ndipo ena amaipereka kwa olipira okha.

Pali mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene chilankhulo chimagwetsa anthu. Exclude apps ndiye kuti amene mwawachonga atuluka m'paipi. Include apps ndiye kuti amene mwawachonga okhawo ndiwo alowa, ena onse ali panja. Mu Chipwitikizi ndi Excluir ndi Incluir. Mukasokoneza awiriwa, mumateteza zimene simunafune n'kusiya poyera zimene munafuna kubisa.

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 4 wa ku Mitundu amene akudzaza fomu yapa intaneti. Masana amagwiritsa ntchito wayifayi ya pamalo ojambulitsira mapepala, ndipo safuna kuti mwini wake aone masamba amene akutsegula. Madzulo kunyumba amagula kabandulo ka WhatsApp yokha kuti alandire manotsi pa gulu la kalasi. Wayatsa VPN ndipo waiwala kuizimitsa. Mauthenga akukana kulowa, kapena akulowa koma mayunitsi akutha, pamene bandulo ili chikhalire.

Chifukwa chake mwachidziwa kale. Kuti netiweki ichotse deta pa bandulo ya WhatsApp, iyenera kuona kuti kalatayo ikupita ku WhatsApp. M'paipi imangoona adiresi ya seva ya VPN, ndiye imawerengera ngati intaneti wamba. Mankhwala ake ndi kulowa mu Split tunneling, kusankha Exclude apps, n'kuchonga WhatsApp. Kenako azimitse VPN ndi kuiyatsanso kuti kusinthako kugwire. Pano Chrome ikudutsa m'paipi, WhatsApp ikuyenda panja, ndipo bandulo iyamba kutsika. Sanataye zambiri, chifukwa WhatsApp imakiya kale mauthenga kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira. Netiweki ingodziwa kuti akugwiritsa ntchito WhatsApp, osati zimene akulemba.

Koma pali msampha wina. Ngati mtsikanayu anayatsanso Block connections without VPN, WhatsApp ifa ndithu. Fyuzi ya Android imatseka chilichonse choyenda kunja kwa paipi, ngakhale chimene mwachitulutsa dala. Ndiye ayenera kusankha chimodzi. Pa wayifayi ya eni ake, ayatse fyuzi, zonse zidutse m'paipi. Kunyumba pa bandulo ya WhatsApp, azimitse fyuzi, Split tunneling igwire ntchito, kapena angozimitsa VPN yonse poti palibe china chimene akutsegula.

Njira yomweyi imathandiza pa mapulogalamu a banki, amene ena amakana kutseguka akaona ngati muli kunja kwa dziko. Koma `*211#` ya Airtel Money ndi `*444#` ya Mpamba sizidutsa pa intaneti n'komwe, choncho VPN siziteteza ndiponso siziletsa. Munthu akakuimbirani kuti "mwawina, tipatseni nambala yanu yachinsinsi", palibe batani pa atatuwa limene lingakupulumutseni. Dulani foniyo basi.