Masamba Khumi Oyamba a Sewero la Kanema

Pali masewero a kanema amene mlembi amalemba popanda womutuma ndiponso popanda womulonjeza malipiro. Amangolemba ndi chiyembekezo choti sewerolo lidzagulidwa kapena kupambana pa mpikisano. Mphunzitsi wa ku Mponela kapena mnyamata amene watsiriza Folomu 4 ku Ntchisi akalemba sewero lotere, dzina lake silimuthandiza kanthu. Chomulankhulira ndi pepala lokha, ndipo mlandu wake umayamba kuzengedwa pa tsamba loyamba.

Mpikisano wotchuka wa masewero otere ndi wa Nicholl, umene unayamba mu 1986 ku Amereka pansi pa bungwe lopereka mphotho za Oscar. Zaka zina, monga 2014 ndi 2020, masewero opitirira 7,000 anatumizidwa, koma opambana sankaposa asanu. Oweruza ankalandira sewero lopanda dzina la mwini wake. Munthu amene ali ndi mulu wotero patebulo, ngakhale atalamulidwa kuwerenga mpaka kumapeto, maganizo ake amakhazikika msanga. Masamba oyamba akamugwira mtima amawerenga otsalawo ndi chidwi. Akamutopetsa amangowerenga kuti ntchito ithe.

Chifukwa chake chili mu kalembedwe. Sewero la kanema limatayipidwa ndi zilembo za Courier za msinkhu 12, ndipo potero tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi ya kanema. Masamba khumi ndi mphindi khumi, nthawi imene woonera amadziwa ngati akhalebe pampando kapena atuluke. Syd Field, m'buku lake lotchedwa Screenplay la mu 1979, anaphunzitsa kuti m'masamba khumi amenewa mlembi asonyeze mwini nkhani, chimene nkhaniyo ikunena, ndi vuto lomuzinga.

Chitsanzo chapafupi ndi kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind wa mu 2019, amene Chiwetel Ejiofor analemba ndi kutsogolera. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana ndi Dowa ndi Ntchisi. Seweroli linachokera m'buku la mu 2009, silinali la mpikisano, komabe chiyambi chake chili ndi phunziro. Sichifotokoza mbiri ya dziko kapena ya njala. Chimayamba m'munda wa chimanga, momwe John, mkulu wake wa bambo a William, akugwa namwalira. Kenaka pali maliro, ndipo Gule Wamkulu akufika. Posakhalitsa William akuoneka akukonza wailesi, kenaka akupita ku sekondale ndi yunifolomu yatsopano, pamene fizi sinalipidwe yonse.

Palibe mwa zithunzi zimenezi chongokometsera. Imfa ya John ikugwedeza banja ndi minda yake. Wailesi ikusonyeza luso la mnyamatayo popanda wina kunena kuti ndi wanzeru, kotero kuti akadzamanga makina a mphepo kumapeto, woonera sadabwa kuti nzeruzo zachokera kuti. Fizi yosatha ikusiya funso lolendewera: kodi adzakhalitsa pa sukulupo? Funso lotere ndilo limatembenuza masamba.

Njira yomweyi ingayesedwe pa nkhani yongopeka ya m'mapiri a Ntchisi. Nambewe ndi mtsikana wamasiye wa zaka 18, amene ayenera kulipira ndalama za mayeso a Folomu 4 lisanadutse Lachisanu. Olemba ambiri oyamba kumene angatsegule ndi dzuwa likutuluka kuseri kwa phiri, tambala akulira, Nambewe akudzuka, akusesa, akutunga madzi. Pa tsamba lachinayi angaike agogo ake akumuuza kuti, monga akudziwa, amayi ake anamwalira chaka chatha ndipo pakhomo palibe ndalama. Apa pali zolakwa ziwiri. Masamba atatu apita Nambewe asanafune kanthu, ndipo agogo akumuuza zimene iye akudziwa kale, pofuna kuti woweruza amve. Woweruza amazindikira msanga kuti akulankhula pamenepo ndi mlembi, osati agogo.

Nkhani yomweyo ingayambe motere:

```
EXT. KHOLA LA MBUZI - USIKU

NAMBEWE (18), wosavala nsapato, akumasula
mbuzi yakuda. Mbuzi ikulira. Akuigwira
pakamwa, maso ali pa chitseko cha nyumba.
```

Mzere woyambawo ndi mutu wa chochitika. EXT. ikutanthauza panja, ndipo INT. ikanatanthauza m'kati, kenaka pamabwera malo ndi nthawi. Dzina la munthu limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamene akuoneka koyamba. Mizere itatu yotsatirayo ili ndi zokhazo zimene kamera ingaone ndi zimene khutu lingamve. Palibe pamene palembedwa kuti Nambewe ali ndi mantha kapena akukumbukira amayi ake, pakuti maganizo sajambulika. Dzanja lili pakamwa pa mbuzi ndi maso ali pa chitseko zanena zonse. Woweruza wayamba kale kufunsa: mbuziyi ndi ya yani, ndipo n'chifukwa chiyani mtsikanayu akuba pakhomo pawo pomwe?

Mayankho sayenera kubwera nthawi imodzi. Pa tsamba lachitatu, kukucha, Nambewe akutsika phiri ndipo m'thumba mwake mukugwa kalata ya kusukulu yotchula Lachisanu. Tsopano woweruza wadziwa chimene akufuna ndi nthawi imene yamutsalira. Pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, kumudzi, atsibweni ake akupeza khola lotsegula, ndipo pokalipa akutchula kuti mbuziyo inasungidwira mwambo wa chiliza cha mlongo wawo, amayi a Nambewe. Imfa ija, imene agogo anaifotokoza mozizira m'kalembedwe koyamba, yatulukira pakati pa mkwiyo, ndipo yakweza mtengo wa chimene mtsikanayo wachita: kuti alembe mayeso, wachotsa ulemu pamanda a amayi ake. Pa tsamba lakhumi, pa msika wa Mponela, wogula akuwerenga ndalama m'manja mwa Nambewe, ndipo tsidya lina la msewu atsibweni akutsika pa njinga yamoto. Apo woweruza sangaleke kutsegula tsamba lakhumi ndi chimodzi.

Njirayi ili ndi malire ake. Mlembi wina, atamva kuti chiyambi chiyenera kugwira mtima, amatsegula ndi mfuti, ngozi kapena maloto oopsa osagwirizana ndi nkhani yake. Chiyambi ndi lonjezo la mtundu wa nkhani imene ikubwera. Amene walonjeza nkhondo napereka nkhani yachete ya pabanja wanamiza womuwerenga. Wina amabisa zonse mpaka woweruza sadziwa kuti atsate yani. Kubisa chifukwa chimene Nambewe akubera mbuzi kumadzetsa chidwi, koma kubisa kuti mwini nkhani ndi Nambewe kumangosokoneza. N'chifukwa chake si kwanzeru kutchula anthu asanu ndi atatu pa tsamba loyamba.

Pali kayesedwe kosafuna ndalama, kamene mphunzitsi angachite ndi gulu lake la zisudzo. Munthu wosadziwa nkhaniyo apatsidwe masamba khumi okha, ndipo akamaliza afunsidwe mafunso atatu: nkhaniyi ndi ya yani, munthuyo akufuna chiyani, ndipo ataya chiyani akalephera. Akayankha mokayika, vuto lili pa pepala, osati mwa wowerengayo. Kawirikawiri mankhwala ake ndi kupeza tsamba limene mwini nkhani akuchita koyamba chinthu chosabwezeka, kudula zonse zimene zili patsogolo pake, ndi kuliyesa tsamba loyamba. Zofunika za m'masamba odulidwawo zimapeza malo ake kutsogolo, monga imfa ya amayi a Nambewe inapezera malo pakamwa pa atsibweni ake.